Katemera wa Lachitatu: mawu oti ndikalankhule kwa makolo, ndithandizeni kuwongola

Mlangizi wa zaumoyo, Mabvuku:
Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Lachitatu likudzali kuli katemera wa ana kuno kwathu ku Mabvuku, mumzinda wa Harare. Anamwino adzakhala pabwalo la tchalitchi kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Andipatsa mpata Lamulungu mapemphero akatha, komanso madzulo ake ku msonkhano wa sosaite ya maliro, kuti ndilankhule ndi makolo m'Chichewa, poti amayi ambiri amene angobwera kumene kuchokera kumudzi Chishona sichinawalowe. Nazi zimene ndalemba:

"Amayi, abambo, agogo, zikomo pondipatsa mpata. Ndili ndi pempho limodzi. Mukafika kunyumba lero, tulutsani khadi la sikelo la mwana aliyense wosakwana zaka 5, mulitsegule pa tsamba la katemera, muone pamene palibe tsiku lolembedwa.

Kuno ku Zimbabwe mwana akabadwa amabayidwa pamkono katemera wa chifuwa chachikulu, uja amasiya chipsera. Kenako amapita kusikelo ali ndi masabata 6, masabata 10 ndi masabata 14, kukalandira madontho a m'kamwa ndi majakisoni a pantchafu. Maulendo amenewa ambiri timayesetsa, chifukwa khanda limakhala lili kumsana ndipo mayi sanabwerere kuntchito. Vuto limayamba pambuyo pake. Pa miyezi 9 pali katemera woyamba wa chikuku pamodzi ndi wa thayifodi. Pa miyezi 18, ndiye kuti chaka ndi theka, pali wachiwiri wa chikuku. Ine ndimayenda m'makomo mwanu ndipo makhadi ndimawaona. Malo a miyezi 18 ndi amene amakhala oyera kwambiri. Mwana akayamba kuyenda ndi kudya nsima timamuona ngati wakula, khadi n'kulowa pansi pa sutikesi.

Wachiwiriyo si wongowonjezera ayi. Mwa ana 100 amene abayidwa wa chikuku pa miyezi 9, pafupifupi 15 thupi lawo silikhala litamanga chitetezo, ndipo palibe amene angawadziwe pongowayang'ana. Jakisoni wachiwiri ndi wa ana amenewo, ndipo wanu akhoza kukhala mmodzi mwa iwo.

Mukukumbukira chaka cha 2022. Chikuku chinayambira ku Mutasa, m'chigawo cha Manicaland, mu Epulo, ndipo pofika mu Seputembala ana oposa 700 anali atamwalira m'dziko muno, ambiri mwa iwo osalandira katemera. Matenda amenewa amayenda mumpweya. Mwana wodwala akatsokomola m'chipinda n'kutuluka, kachilombo kamatha kutsalira mmenemo mpaka maola awiri, ndipo amayamba kupatsira anzake masiku 4 totupa tisanaoneke. Taganizani mmene timakhalira kuno, mabanja atatu kapena anayi nyumba imodzi, khomo limodzi, ana onse akuseweretsana pakhonde.

Tsono kwa inu amene khadi lanu lili ndi mipata: bwerani nalo choncho. Ngati munadumpha tsiku, mwana sayambiranso poyamba, amapitiriza pamene analekezera. Ngati khadi linatayika, bwerani ndi mwanayo. Ngati muli ndi buku la kuchipatala la ku Malawi, bwerani nalo, anamwino aliwerenga. Mwana wa chimfine kapena wotsegula m'mimba pang'ono mubwere nayenso, akamuona anamwino ndi amene anene. Katemera wa ana salipiritsa. Ine ndidzakhala pakhomo nditavala yunifolomu yanga, amene Chishona chimamuvuta adzandipeze, tidzalowa limodzi. Zikomo."

Ndi zimenezo. Pamene pakhota musandichitire manyazi.

Mlembi wa sosaite:
Mawu ake ndi abwino, mayi. Koma kusosaite mukafupikitse, anthu amakhala akufuna kumva za ndalama za mwezi. Komanso mukanene komwe kuli bwalo la tchalitchilo, si onse amapemphera kumeneko.

Achimwene a kombi, Mbare:
Ndiye ameneyu ndi wa kolera uja wakumwa? Ife akuluakulu tibwerenso? Ine ulendo wapita uja unandiphonya ndili pamsewu.

Mlangizi wa zaumoyo, Mabvuku:
Ayi achimwene, uyu ndi wa ana osakwana zaka 5. Wa kolera amachita kulengeza payekha matendawo akabuka. Koma muli ndi kamtsikana kaja, mukafunse alamu ngati kanabayidwa katemera wa pa miyezi 18.

Bambo a mapasa, Tafara:
Amayi, ine ndingoti mukanene kuti amene ana awo analandira kale pakhomo asavutike kubwera, kuti mzere uchepe. Anga awiriwa anthu a zaumoyo anawapeza kunyumba konkuno, osati kamodzi, anawadonthezera mankhwala m'kamwa n'kuwapaka inki pa kachala. Moti ine ndimaona kuti achita kupyola muyeso. Thupi la mwana lingalandire zingati?

Anesi opuma, Mufakose:
Bambo a mapasa, chonde zimenezo asakanene, chifukwa ndi pomwe makolo ambiri akusokonezekera. Zimene ana anu analandira pakhomo ndi madontho a poliyo basi. Inki ya pa kachala imangouza anzawo amene akuyenda mumsewu wotsatira kuti mwana uyu wapatsidwa kale pa ulendo uno. Wa chikuku alibe madontho, ndi jakisoni wa pamkono, ndipo amalembedwa m'khadi ndi tsiku lake. Mwana akhoza kupakidwa inki kangapo konse koma wa chikuku asanabayidwepo ngakhale kamodzi.

Pa zoti achita kubwereza, mwanena zoona, anabwerezadi, ndipo chifukwa chake chilipo. Mu Febuluwale 2022 ku Malawi analengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndiye maiko oyandikana onse anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Kenako kuno ku Harare kachilombo ka poliyo kanapezeka m'madzi a zonyansa za m'zimbudzi, ndiye mu 2024 anayendanso. Madontho aja amagwira ntchito m'matumbo, ndipo kwa ana amene amatsegula m'mimba pafupipafupi sagwira bwino ulendo uliwonse. Kubwerezako sikumupweteka mwana. Koma tsegulani makhadi a mapasawo muone pa miyezi 9 ndi pa 18.

Bambo a mapasa, Tafara:
Makhadi amasunga ndi mayi awo. Ndikaona madzulo. Komabe ine ndimaona kuti akanamatiuza pakhomopo kuti uyu ndi wa chakuti yekha. Amangoti tsegula pakamwa, n'kumapita.

Azakhali a ku Epworth:
Zikomo amayi alangizi, nkhani ya buku la ku Malawi mwaikhudzayo ndi ya pakhomo panga penipeni. Mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga wamng'ono, anabwera kuchokera ku Dedza mwana ali ndi miyezi itatu. Pano mwanayo ali ndi chaka ndi miyezi iwiri ndipo chibwerereni sanapondeko kusikelo. Ndikamuuza amati akuopa zinthu ziwiri. Choyamba mapepala ake okhalira kuno sanalongosoke, akuti akamufunsa chiphaso. Chachiwiri anamva kwa mnzake kuti mwana wochokera kunja amamuyambitsa katemera yense poyambirira, ndiye akuti mwana wanga asabayidwe kawiri zinthu zomwezo. Buku ndalitenga lili m'manja mwangamu. Anesi, ndikuwerengereni?

Anesi opuma, Mufakose:
Werengani achemwali. Mundiuze malo amene pali tsiku lolembedwa okha, dzina la mwana musalembe pano.

Azakhali a ku Epworth:
Pa tsiku lobadwa palembedwa, ndipo chipsera pamkono chilipo ndachiona. Pa masabata 6 palembedwa mizere yonse. Pa masabata 10 palembedwanso. Kuyambira pa masabata 14 kupita kumunsi palibe kanthu. Pali tsiku lolembedwa ndi pensulo pambali koma lopanda siginecha.

Anesi opuma, Mufakose:
La pensulolo ndi tsiku limene anamuuza kuti adzabwerenso, ndipo likuoneka kuti linakwana ali pa ulendo wobwera kuno. Tsono mverani bwino, mukamufotokozere mlamu wanuyo modekha.

Zimene mwana analandira ku Dedza sizinafufutike m'thupi mwake ngakhale papita miyezi yambiri. Nyumba ikaimira pa windo chifukwa njerwa zatha, sugwetsa khoma kuti uyambirenso maziko, umapitiriza pamene unasiyira. Wa chifuwa chachikulu uja sabwerezanso. A masabata 6 ndi 10 sabwerezanso.

Chimene chatsala ndi ichi. Jakisoni wa pantchafu amene timamutcha penta, woteteza ku matenda asanu kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, amafunika katatu, iye analandira kawiri, ndiye watsala wachitatu. Madontho a poliyo achitatu atsala, pamodzi ndi jakisoni wa poliyo amene amaperekedwa pa masabata 14. Wa chibayo watsalanso umodzi. Kenako za pa miyezi 9, wa chikuku woyamba ndi wa thayifodi. Adzamupatsanso vitamini A, kambulu kofiira kaja amadula kunsonga n'kufinyira m'kamwa, poti wapyola chaka. Ana a miyezi 6 mpaka 11 amalandira kabuluu.

Mukawerenga majakisoni okha akukwana asanu. Kupereka angapo tsiku limodzi, malo osiyanasiyana pathupi, n'kololedwa ndipo sikufooketsa mwana. Anamwino ena amapereka onse, ena amagawa n'kulemba tsiku lina lapafupi, makamaka akaona kuti mayi wachita mantha. Akagawa, inu mupemphe kuti wa chikuku asatsale, chifukwa mwana wa chaka ndi miyezi iwiri wopanda katemera wa chikuku ndiye ali pangozi kwambiri lero lino. Chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chinatha kalekale.

Wachiwiri wa chikuku adzalandira pa miyezi 18, ndiye kuti patsala miyezi inayi. Apa mlamu wanu asasokonezeke: ku Malawi wachiwiriyo amapereka pa miyezi 15, kuno pa 18. Mankhwala ake ndi a ntchito imodzi, ndondomeko ya dziko ndiyo yosiyana. Atsatire tsiku limene amulembere kuno.

Azakhali a ku Epworth:
Asanu! Mayo ine, mlamu wangayo akamva zimenezi ndiye athawiratu. Kamwanako n'kochepa thupi, anesi.

Anesi opuma, Mufakose:
Kuchepa thupiko ndi chifukwa chinanso chomufulumizira. Chikuku chimapha kwambiri ana onyentchera, kudzera m'chibayo ndi kutsegula m'mimba, ndipo ena chimawasiya akhungu. Mupite naye inuyo, musamutume yekha. Pobaya amuyike mwana kubere, amalira pang'ono n'kutonthola. Ndipo poti mwanena za thupi, akamuyezenso sikelo ndi kalamba ka pamkono kaja.

Mlangizi wa zaumoyo, Mabvuku:
Azakhali, za chiphasozo. Pa tebulo lathu Lachitatu chimene timalemba ndi dzina la mwana, tsiku lobadwa, dzina la mayi ndi kumene akukhala, kuti tsiku lotsatira likakwana tidziwe kokamupeza. Ine sindinafunsepo mayi pasipoti pa katemera. Mungabwere naye kuno ngati kombi ilipo, koma ku Epworth zipatala ziliponso, ndipo kumeneko ndiye koyenera kuti azipita mwezi ndi mwezi. Buku la ku Malawilo asalitaye ngakhale amupatse khadi la kuno. Azisunge pamodzi mu pulasitiki, ndipo inu mujambule masamba a katemerawo pa foni.

Mfundo ya mapepalayi ndiyiika m'mawu anga. Anthu sangaifunse pagulu koma ndi imene ikuwasunga m'nyumba ambiri.

Mayi a tomato, Mbare Musika:
Ine ndilankhule mosabisa. Mukuti bwerani bwerani, koma mukudziwa zimene timakumana nazo? Ndinatseka malonda, ndinasiya tomato wanga ndi mnzanga, ndinapita ndi mwana wa miyezi 9 ku chipatala china kuno. Ndakhala pa benchi mpaka dzuwa pamutu, kenako akundiuza kuti wa chikuku lero sitibaya, mubwere tsiku lakuti. Popanda n'chifukwa chomwe. Tsiku limenelo ndinapeza tomato wina wafewa, ndalama ya kombi yapita. Munthu ukabwezedwa choncho mtima wobwereranso umachoka. Mwanayo ndinakamubayitsa ndithu patapita nthawi, koma ndinapita ndikudandaula. Pano ali ndi zaka zitatu ndipo wa miyezi 18 mukunenayo sindinapite. Nthawi yake inapita kale eti?

Anesi opuma, Mufakose:
Sinapite mayi, mubwere naye, abayidwa wachiwiriyo ngakhale ali ndi zaka zitatu.

Zimene zinakuchitikiranizo ndikuzidziwa bwino, ndipo kukubwezani opanda kukufotokozerani kunali kulakwa. Chimene chimachitika ndi ichi. Katemera wa chikuku amabwera ali ufa m'kabotolo, ndipo kabotolo kamodzi kamakhala ka ana angapo, kawirikawiri 10. Namwino akathira madzi ake n'kusakaniza, ayenera kumugwiritsa ntchito pasanathe maola 6, wotsala amatayidwa. Ndiye namwino akaona kuti pa benchi pali mwana mmodzi yekha wa chikuku, ndipo mufiriji mwatsala timabotolo tochepa, amaumira kutsegula. Malangizo amati tsegula ngakhale mwana ali mmodzi, chifukwa kutaya mankhwala kuli bwino kusiyana ndi kutaya mwana amene mwina sabweranso. Koma pa ntchito anthu amaopa kuti mawa adzasowa chobayira. Ubwino wa tsiku ngati Lachitatuli ndi woti ana amakhala ambiri, timabotolo timatsegulidwa motsatizana, palibe wobwezedwa pa chifukwa chimenecho.

Mayi a tomato, Mbare Musika:
Akanandiuza choncho tsiku lomwelo bwenzi nditamvetsa. Koma 8 koloko ine ndimakhala ndili pakati pa malonda. Ife timapikula m'bandakucha. Bwanji osachita Loweruka masana kapena Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, anthu onse ali pomwepo ndi ana awo?

Mlangizi wa zaumoyo, Mabvuku:
Tsiku sindisankha ine mayi, limachokera kuchipatala malinga ndi galimoto ndi anamwino amene alipo. Dandaulo lanu ndikalipereka, ndipo si inu oyamba kulinena. Pakali pano chimene ndinganene n'chakuti si lamulo kuti abwere ndi mayi ake. Agogo, abambo, azakhali, aliyense wamkulu amene akumudziwa mwanayo angabwere naye, bola khadi likhale m'manja. Komanso masana cha m'ma 1 koloko mzere umakhala utachepa.

Mlembi wa sosaite:
Pamenepo pa abambo mukatsindike kusosaite. Ambiri a ife sitidziwa n'komwe mtundu wa khadilo.

Agogo a ku Dzivarasekwa:
Ana anga, akundilembera izi ndi mdzukulu wanga, maso sakuona bwino. Ine ndinabwera kuno ndi malemu amuna anga kale kwambiri, ndipo chikuku ndachiona ndi maso. Kwathu tinkati mwana aliyense ayenera kudwala chikuku, chituluke, chikabisala m'kati ndiye chimapha. Ndinaika mwana wanga wachiwiri m'manda chifukwa cha nthenda imeneyi, moti za katemera sindikana ayi. Koma funso langa ndi ili. Chidzukulu changa china chinabayidwa wa chikuku, patapita sabata ndi masiku thupi linatentha, totupa tinatuluka pamimba. Mayi ake anati jakisoni uja ndi amene wamupatsa chikuku, ndipo wamng'ono wake akukana kukamubayitsa. Ine ndimuyankhe chiyani?

Anesi opuma, Mufakose:
Agogo, pepani ndi za mwana wanuyo. Funso lanu ndi lofunika, ndipo alangizi, ili muliike m'mawu anu, chifukwa makolo tikapanda kuwachenjeza amadzadzidzimuka okha kunyumba.

Zimene munaonazo zimachitikadi kwa ana ena, osati ambiri. Katemera wa chikuku ali ndi kachilombo kofooketsedwa, ndiye thupi limatenga masiku kuti liyambe kulimbana nako. N'chifukwa chake kutentha thupi kwake sikubwera tsiku lobayidwa, kumabwera pakati pa masiku 7 ndi 12. Kumatha tsiku limodzi kapena awiri, nthawi zina ndi totupa tochepa, mwana akudya ndi kusewera ndithu, ndipo sapatsira anzake. Chikuku chenicheni inu mukuchidziwa kuposa ine: thupi limatentha kwambiri, mwana amatsokomola, mamina ali chuchuchu, maso ofiira otuluka misozi osafuna kuwala, kenako totupa timayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kutsikira thupi lonse, mwana ali lefuu. Mufunseni mayiyo ngati mwana wake anali ndi chifuwa ndi maso ofiira. Ngati ayi, limenelo linali thupi likumanga chitetezo.

Majakisoni a pantchafu ndi osiyana. Awo amatenthetsa thupi madzulo omwewo kapena mawa lake, ndipo pobayidwapo pamatupa pang'ono n'kuuma. Mayi ayamwitse pafupipafupi, amuvule zovala zokhuthala, ngati akuvutika amupatse panado wa ana pa muyeso umene anamwino anena. Asipirini ayi kwa mwana. Pobayidwapo osatikita, osapakapo mankhwala otsukira mano kapena mafuta, kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira n'kokwanira.

Zoti muthamangire nazo kuchipatala osadikira kucha ndi izi: mwana akakomoka kapena kugwedezeka thupi, akakana kuyamwa, akamalira mosalekeza maola atatu, akamabanika kapena kutupa nkhope. Pobayidwapo pakamakula masiku akupita, pofiira, potentha, ngati mukusonkhana mafinya, napo mupite. Ndipo mukabayitsa musanyamuke nthawi yomweyo, khalani pambali mphindi 15 kapena kuposerapo, chifukwa vuto la thupi kukana mankhwala, ngakhale limachitika mwa apo ndi apo kwambiri, limaoneka nthawi imeneyo anamwino ali pafupi.

Bambo a mapasa, Tafara:
Ine ndimadziwa kuti mwana wodwala sabayidwa. Ndiye alangizi mukamati wachimfine abwere, simukusemphana ndi anesi apa?

Anesi opuma, Mufakose:
Sitikusemphana bambo. Chimfine, kachifuwa, kutsegula m'mimba pang'ono, mano akumera, zonsezi siziletsa. Mwana amene thupi latentha kwambiri kapena wadwalika moti afunika kugonekedwa, ameneyo amayamba walandira chithandizo, katemera pambuyo. Winanso amene mayi ayenera kunena asanabayidwe ndi mwana amene anadwala modetsa nkhawa atalandira jakisoni wapitawo, kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika kwambiri chifukwa cha matenda. Koma woganiza zimenezo akhale namwino atamuona mwanayo. Nyengo yozizira ino mwana wa chimfine ndi pafupifupi aliyense, tikati adikire achire ndiye kuti Juni ndi Julayi yense palibe wobayidwa.

Mayi wa lendi, Hopley:
Ndakhala ndikungowerenga. Ndili ndi nkhani yovuta. Mnzanga amene timakhala naye nyumba imodzi amapemphera mpingo wina wa zovala zoyera umene suloleza za chipatala. Ali ndi ana awiri aang'ono, onse osabayidwa. Iye mwini amafuna, anandiuza usiku wina akulira, poti mchemwali wake anataya mwana nthawi ya chikuku ija. Koma amuna ake akamva ndiye banja latha. Wandifunsa ngati ndingatenge anawo ngati ndikupita nawo kumsika. Ine khanda langa lili ndi miyezi 5, silinafike pobayidwa wa chikuku, ndipo ana akewo amalinyamula tsiku lonse. Ndichite bwanji?

Mlembi wa sosaite:
Mayi, chenjerani. Kutenga ana a mwini bambo wawo osadziwa, zikadzaululika mlandu udzagwera inu, ndipo mnzanuyo adzavutika koposa. Bwanji tipeze amuna awiri achikulire akalankhule ndi bamboyo? Si mipingo yonse ya zovala zoyera imene imakana, ina atsogoleri ake anavomera ndipo amalimbikitsa okha.

Mayi a tomato, Mbare Musika:
Akalankhule naye kuti adziwe kuti mkazi wake wakhala akudandaula kwa anthu? Abambo inu simukudziwa zimene zimachitika chitseko chikatsekedwa. Mayiyo ndi kholo nayenso, wanena yekha kuti akufuna.

Mlangizi wa zaumoyo, Mabvuku:
Nonse mukunena zoona mbali ina. Amayi otere timakumana nawo, ndipo ena amabwera okha mwakachetechete nthawi imene kulibe anthu, khadi n'kusungitsa kwina. Koma ine sindingakuuzeni kuti mutenge ana a mnzanu inu nokha. Mwini wake ayenera kukhalapo, kapena alankhule yekha ndi namwino, chifukwa mwana akadzatentha thupi usiku ndi iyeyo amene adzakhale naye, ndipo ayenera kudziwa chimene chikuchitika ndi chochita. Ndilembereni kumbali, ndikulumikizeni ndi mnzanga amene amayenda ku Hopley, akamuone ngati mlendo wanu. Zambiri tisalembe pano.

Kutchalitchi sinditchula mpingo wa wina aliyense. Ndikangotero amayi amenewo ndiye sadzandiyandikiranso.

Anesi opuma, Mufakose:
Za khanda lanulo mayi: likhale ndi zonse za masabata 14, muziyamwitsa, ndipo tsiku limene lakwanitsa miyezi 9 musachedwetse. Mwana wina m'nyumbamo akadzatentha thupi ndi maso ofiira, lichotseni khandalo pafupi naye ndipo mukanene kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire totupa. Kukabuka chikuku a zaumoyo nthawi zina amatsitsa msinkhu n'kuyamba kubaya kuyambira miyezi 6, koma amalengeza okha.

Mlembi wa sosaite:
Ine ndikuonabe kuti bamboyo ayenera kudziwa. Koma ndasiyira inu amayi.

Bambo a mapasa, Tafara:
Ndafika kunyumba, makhadi ndawaona. Pa miyezi 9 onse awiri palembedwa. Pa 18 palembedwa mmodzi yekha, winayo mayi ake akuti tsiku limenelo anali ndi malungo ndiye anamusiya kunyumba. Koma inki onse anapakidwa. Ndiye ndibwere ndi mmodzi kapena onse?

Anesi opuma, Mufakose:
Onse awiri ndi makhadi awo. Wotsalayo abayidwa, ndipo ngati papita miyezi 6 chilandirireni vitamini A, onse alandira.

Azakhali a ku Epworth:
Mlamu wanga ndamuwerengera zonse. Za kuyambiranso zija wamvetsa. Za majakisoni asanu akuti aganize kaye, akufuna afunse amuna ake akabwera kuchokera kuntchito. Akuti ngati n'kotheka ayambe ndi atatu.

Mlangizi wa zaumoyo, Mabvuku:
Akanene yekha kwa namwino choncho, ndipo wa chikuku ukhale m'gulu la atatuwo monga anenera anesi. Ndawonjezera m'mawu anga zinthu zinayi: za inki ya pa kachala, za mapepala, za kutentha thupi patatha sabata, ndi zoti abambo angabwere ndi ana. Kuti nthawi ikwane ndachotsa ndandanda ya masabata ija, ndidzangonyamula khadi n'kuloza malo a miyezi 18. Alembi, mundipezere mabenchi awiri a sosaite ndi munthu wowanyamula Lachitatu m'mawa, a kutchalitchi sakwana. Achimwene a kombi, mungatithandize pamenepo?

Achimwene a kombi, Mbare:
Ngati ndi isanakwane 6 koloko ndingathe, ikapitirira ndimakhala ndili pa mzere wonyamula anthu. Alembi munditumizire malo ake.